Kulonjeza Zotheka Kuyeza: Ndondomeko ya Zotsatira mu Pulopozo

Ndondomeko ya zotsatira ndi tebulo la tsamba limodzi kapena awiri limene limaikidwa mu pulopozo yopemphera ndalama za chitukuko. Tebuloli limanena chimene chidzasinthe pa moyo wa anthu pulojekiti ikadzatha, kukula kwa kusinthako, nthawi imene kudzaonekere, ndi komwe munthu wokayika angapite kukadzionera yekha. Ogwira ntchito m'mabungwe ambiri amangolitchula kuti logifulemu. Linayamba mu 1969 pamene bungwe la boma la America la USAID linkafuna njira yodziwira ngati ntchito zimene linkathandiza zinkaphuladi kanthu, ndipo m'zaka zotsatira mabungwe a ku Ulaya ndi a United Nations analitenga n'kulikonza m'njira zawo. Lero pafupifupi fomu iliyonse ya opereka thandizo ili ndi malo a tebulo limeneli. Amene amaunika mapulopozo nthawi zambiri amayambira pomwepo, chifukwa mawu okoma a m'masamba enawo akafika apa amayenera kusanduka manambala.

Kamangidwe kake kamamveka bwino pachitsanzo. Tiyerekeze bungwe laling'ono la m'dera lina kumudzi kuno ku Malawi, limene likupempha ndalama za pulojekiti ya madzi ya zaka zitatu. Manambala onse a bungweli ndi ongoyerekeza. Derali lili ndi midzi 10 ndi mabanja 1,000, amene ndi anthu pafupifupi 4,400 potengera kalembera wa 2018, yemwe anapeza kuti pa mabanja 10 alionse m'dziko muno pamakhala anthu pafupifupi 44. Muli mijigo 8, koma 3 inafa kalekale. Amayi ambiri amatunga kudambo kapena amapita kukaima pamzere mbandakucha. Bungwe likufuna kukumba mijigo 6 yatsopano, kukonza 3 yakufayo, ndi kuphunzitsa makomiti oyang'anira mijigo yonse.

Mzere woyamba wa tebulo, wotsika kuchoka pamwamba, umakhala ndi masitepe anayi. Pansi penipeni pali ntchito zochita: kufufuza malo a madzi, kulemba kontilakita, kukumba, kuphunzitsa. Pamwamba pake pali zotuluka, zinthu zimene bungwe lingaloze ndi chala ntchitozo zikatha, monga mijigo 9 yotulutsa madzi ndi makomiti 14 ophunzitsidwa. Kenako pamabwera chotsatira chenicheni, chimene ndi kusintha kwa pa moyo wa anthu: mabanja akumwa madzi abwino chaka chonse osayenda mtunda wautali. Pamwamba pa zonse pali cholinga chachikulu, chimene pano ndi kuchepa kwa matenda otsekula m'mimba pakati pa ana osakwana zaka zisanu.

Masitepewa amayesedwa powawerenga kuchokera pansi ndi mawu akuti "ngati". Ngati mijigo yakumbidwa ndipo makomiti aphunzira, kodi mabanja adzamwa madzi abwino? Ngati amwa madzi abwino, kodi ana adzasiya kudwala? Funso loyambalo limaulula pomwe mapulopozo ambiri amagwera. Mjigo ukhoza kukumbidwa, kutsegulidwa ndi magule ndi nthungululu, n'kufa pakatha miyezi isanu ndi itatu chifukwa cha labala wotha amene palibe anagula. Ukhozanso kukhala wamoyo koma madzi ake amchere, monga zimachitikira m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, anthu n'kubwerera kumtsinje. Zotuluka zili m'manja mwa bungwe, pamene chotsatira chimadalira zimene anthu achite ndi zotulukazo. Pulopozo imene yalemba "kukumba mijigo 6" pamalo a chotsatira yalonjeza dzenje ndi chitsulo basi, ndipo wounika wodziwa ntchito amaziona nthawi yomweyo.

Sitepe iliyonse imafuna chizindikiro, kutanthauza chinthu chowerengeka chimene chimasonyeza ngati zolonjezedwazo zachitika. Apa m'pofunika kudekha, chifukwa chizindikiro chosamveka chimaononga tebulo lonse. Taganizirani chiganizo chakuti "chiwerengero cha anthu amene ali ndi mwayi wa madzi aukhondo". Chimamveka bwino, koma anthu awiri atatumizidwa kumudzi womwewo akhoza kubwera ndi mayankho osiyana kwambiri. Mmodzi adzawerenga aliyense wokhala m'mudzi umene muli mjigo. Mnzake adzasiya agogo a kuseri kwa phiri amene safikako, ndi mabanja amene mjigo wawo umaphwa mu Okutobala. Onse awiri sananame, vuto lili pa chiganizocho.

Mankhwala ake ndi kubwereka tanthauzo limene anthu ambiri anagwirizana kale. Mabungwe a WHO ndi UNICEF, amene amalondoloza nkhani ya madzi pa zolinga za chitukuko zimene maiko anagwirizana mu 2015, amati banja lili ndi madzi pamlingo woyambira ngati limatunga pamalo otetezedwa, monga mjigo, mpopi kapena chitsime chotetezedwa, ndipo ulendo wonse wopita, kudikira pamzere ndi kubwerera supitirira mphindi 30. Chizindikiro cha bungwe lathu chikhoza kulembedwa motere: gawo la mabanja, pa 100 alionse m'midzi 10 ija, amene madzi akumwa amatunga pamalo otetezedwa ndipo ulendo wonse supitirira mphindi 30, poyezedwa mu Okutobala. Chiganizochi n'chachitali, koma mawu alionse ali ndi ntchito. Chikunena amene akuwerengedwa, chimene chikuwerengedwa, malo ake ndi nthawi yake. Mawu akuti "pamzere" ndi amene amalemera kwambiri, pakuti mjigo ukhoza kukhala kuseri kwa nyumba mayi n'kumataya maola awiri kudikira ndowa makumi atatu zimene zandandalikidwa patsogolo pake.

Mwezi wa Okutobala sunalowemo mwangozi. Madzi a pansi amatsika kwambiri kumapeto kwa chilimwe, mizere imatalika, ndipo mijigo yosazama imayamba kutsokomola. Bungwe likayeza poyambira mu Okutobala, n'kudzayeza pomaliza mu Malichi, lidzapeza kusintha kwakukulu kumene kwabwera ndi mvula osati ndi pulojekiti. Likayeza motembenuza, ntchito yabwino idzaoneka ngati yalephera.

Chizindikiro chimodzichi sichikwanira, chifukwa sichinena ngati mijigoyo idzakhalitsa. Pafunika chachiwiri: chiwerengero cha mijigo, mwa 14 yonse, imene ikutulutsa madzi patsiku loiyendera mosachenjeza. Nachonso chimafuna tanthauzo lolembedwa, mwachitsanzo kuti mjigo uwerengedwe wamoyo ngati wadzaza ndowa ya malita 20 pamphindi zimene bungwe ndi ofesi ya zamadzi ya pakhonsolo agwirizana. Chachitatu chikhoza kuona ubwino wa madziwo. Malangizo a WHO amati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilombo ka E. coli, kamene kamasonyeza kuti madzi akhudzana ndi chimbudzi. Kuyeza kumeneku kukachitikira pamjigo pokha kumabisa zambiri, popeza madzi otuluka oyera amadetsedwa panjira ndi m'nyumba, m'ndowa yosavundikira ndi kapu imene mwana aliyense amaviika ndi dzanja lake. N'kwanzeru kuyeza konse kuwiri, pamjigo ndi mumtsuko.

Zizindikiro zitatu pa chotsatira chimodzi n'zokwana. Chiyeso cholemba khumi kapena makumi awiri chimakhala chachikulu, poganiza kuti tebulo lodzaza limaoneka lanzeru, koma chizindikiro chilichonse ndi ngongole: chidzafuna munthu, njinga, mafuta ndi tsiku lokachiwerengera, chaka ndi chaka mpaka pulojekiti itatha.

Chizindikiro chikakhazikika, chimafuna manambala awiri, lapoyambira ndi la mlingo wofuna kufikapo. Poyambira ndi mmene zinthu zilili pulojekiti isanayambe. Tiyerekeze kuti bungwe lafunsa mabanja 200 osankhidwa mwamaere pa mndandanda wa mabanja onse, ndipo 70 akwaniritsa tanthauzo lija. Poyambira ndi 35 pa 100 alionse. Bungwe limene lilibe ndalama zochitira kafukufuku pulopozo isanavomerezedwe likhoza kulemba nambala yongoyembekezera kuchokera ku ofesi ya zamadzi kapena kwa alangizi a zaumoyo, n'kunena poyera kuti idzatsimikizidwa m'miyezi itatu yoyamba. Cholakwika n'kutenga chiwerengero cha dziko lonse kapena cha boma lonse kuchokera ku malipoti a ofesi ya kalembera ku Zomba n'kuchiika ngati cha midzi 10. Midzi imasankhidwa chifukwa ili pamavuto kuposa ina, choncho nambala ya dziko lonse imaikometsa, ndipo pomaliza pulojekiti imaoneka ngati sinasunthe kanthu.

Mlingo wofuna kufikapo suchokera m'mtima wabwino wa wolemba. Umawerengedwa, ndipo kawerengedwe kake n'kosavuta. Mlingo umene boma la Malawi limagwiritsa ntchito kumidzi ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250. Anthu 4,400 amafuna mijigo 18. Pulojekiti ikatha padzakhala mijigo 14: isanu imene ikugwira ntchito kale, itatu yokonzedwa ndi isanu ndi umodzi yatsopano. Mijigo 14 kuchulukitsa ndi 250 ndi anthu 3,500, amene ndi pafupifupi 80 pa 100 alionse. Kotero bungwe limene lalemba kuti mabanja onse adzakhala ndi madzi ladzitsutsa lokha ndi bajeti yake. Ngakhale 80 yemweyo akutanthauza kuti palibe mjigo umene udzaonongeke patsiku loyeza, chinthu chimene aliyense wokhala kumudzi akudziwa kuti sichichitika kawirikawiri. Pakachotsedwa mijigo iwiri imene ingakhale ikudikira makaniki, patsala 12, anthu 3,000, kapena 68 pa 100 alionse. Mlingo wa 70 pa 100 alionse, mabanja 700, ndi wolimba mtima koma wotheka kuuteteza pamaso pa aliyense wofunsa kumene wachokera. Kawerengedwe kameneka kayenera kulembedwa m'mizere iwiri pansi pa tebulo, chifukwa wounika amakhulupirira 70 wofotokozedwa kuposa 100 wopanda pochokera.

Mlingo wotsika dala nawonso uli ndi vuto lake. Mabanja 200 ndi gawo chabe la mabanja 1,000, ndipo kafukufuku wa kukula kotere akhoza kuphonya ndi 6 kapena 7 pa 100 alionse mbali iliyonse. Bungwe limene lalonjeza kuchoka pa 35 kufika pa 40 lalonjeza kusintha kumene kafukufuku wakeyo sangathe kukuona. Mlingo uyenera kutalikirana ndi poyambira mokwanira kuti chida choyezera chisiyanitse ziwirizo.

Pakati pa poyambira ndi pomaliza pamaikidwa milingo ya chaka ndi chaka, ndipo imeneyi siigawidwa mofanana. Chaka choyamba chimathera pa kulemba antchito, kukambirana ndi mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi, kukaonetsa pulojekiti ku komiti yaikulu ya pakhonsolo, ndi kusankha kontilakita. Galimoto yokumbira siilowa m'midzi yambiri nthawi ya dzinja. Chotheka chaka chimenecho mwina ndi kukonza mijigo itatu ija, zimene zingakweze nambala kufika cha m'ma 45. Kudumpha kwakukulu kumabwera chaka chachiwiri, ndipo chachitatu chimayesa ngati zopezedwazo zikukhalitsa.

Gawo limene limalembedwa mothamanga kwambiri, kawirikawiri usiku wotsiriza pulopozo isanatumizidwe, ndi la umboni. Pamenepa pamayenera kutchulidwa komwe nambala iliyonse idzachokere. Ambiri amangolemba "malipoti a pulojekiti" kuchokera pamwamba mpaka pansi. Koma lipoti si gwero la nambala, ndi malo amene nambala imakafikira itachokera kwina. Bungwe lonena kuti umboni wa zimene lachita ndi lipoti limene lalemba lokha lili ngati wogulitsa chimanga amene wabwera ndi sikelo yakeyake n'kuiwerenganso yekha. Umboni weniweni ndi chikalata choyambirira chimene mlendo angachigwire m'manja, ndipo tebulo liyenera kunena kuti n'chiyani, adzachilemba ndani, kangati, ndipo chidzasungidwa kuti.

Pa mijigo yatsopano, umboni ndi lipoti la wokumba la dzenje lililonse, losonyeza kuya kwake ndi kuchuluka kwa madzi pamene ankapopa moyesa, satifiketi yopereka mjigo yosainidwa ndi ofesi ya zamadzi ya pakhonsolo, ndi manambala a malo a GPS kuti wina aliyense akaupeze. Pa mabanja otunga pafupi, umboni ndi mafomu a kafukufuku wa mabanja 200, wochitika mu Okutobala chaka chilichonse, ndi mafunso omwewo, ofunsidwa ndi anthu amene sagwira ntchito m'midzimo. Pa mijigo yamoyo, ndi fomu yoyendera ya miyezi itatu iliyonse, yofananizidwa ndi buku la komiti ya mjigo momwe mlembi amalemba tsiku limene mjigo unaonongeka, tsiku limene unakonzedwa, ndi ndalama zimene zinagula zipangizo. Buku limeneli, lopindika m'makona ndi lothimbirira ndi zala zonyowa, limanena zoona za pulojekiti kuposa lipoti lililonse la mu ofesi, koma limakhalapo pokhapokha bungwe litaligula n'kuphunzitsa mlembi kalembedwe kake kuyambira mwezi woyamba. Pa ubwino wa madzi, umboni ndi zotsatira zochokera ku labu.

Chilichonse mwa izi chili ndi mtengo, ndipo mtengowo uyenera kuoneka mu bajeti. Wounika akaona kafukufuku wa chaka ndi chaka m'tebulo, amatsegula bajeti kufuna ndalama za ofunsa mafunso ndi mayendedwe awo. Akazisowa, amadziwa kuti kafukufukuyo sadzachitika. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amakonda kuyenda chobwerera: asanakhazikike pa chizindikiro amayamba afunsa ngati umboni wake ungapezeke ndi ndalama ndi anthu amene alipo. Chizindikiro chokongola chimene palibe angachiyeze chimatayidwa, m'malo mwake pamalowa china chonyozeka koma chotheka.

Umboni wochokera kunja kwa bungwe umalemekezedwa, komabe nawonso umafuna kuuwerenga mosamala, makamaka pa cholinga chachikulu. Njira yofulumira yodziwira za matenda otsekula m'mimba ndi kaundula wa pachipatala kapena wa alangizi a zaumoyo m'makiliniki a m'midzi. Kaundulayu amawerenga ana amene afika, osati ana amene adwala. Mankhwala akatha pakiliniki, amayi amasiya kubwera, manambala amatsika, ndipo pulojekiti imaoneka ngati yachita zodabwitsa. Pulojekiti ikaphunzitsa bwino makolo kuthamangira kuchipatala, manambala amakwera. Njira ina ndi imene kafukufuku wamkulu wa zaumoyo m'dziko muno amatsata, yofunsa mayi ngati mwana wake wosakwana zaka zisanu watsekula m'mimba m'masabata awiri apitawo. Funso limeneli likhoza kungowonjezedwa pa fomu ya mabanja 200 ija. Ngakhale zitero, thanzi la ana limadaliranso zimbudzi, kusamba m'manja, katemera ndi chakudya, ndipo mliri wonga wa kolera umene unavuta Malawi mu 2022 ndi 2023 ukhoza kusokoneza manambala onse. Pa sitepe yapamwambayi bungwe limalonjeza kuthandizira kusintha, ndipo n'kulakwa kulemba ngati kuti lidzakubweretsa lokha.

Manambala a anthu amafunanso kugawidwa. Mabanja 700 akhoza kukwana pamene mabanja otsogoleredwa ndi amayi, okalamba ndi anthu olumala ali onse mwa 300 otsalawo, chifukwa mijigo inakumbidwa pafupi ndi msewu kapena pakhomo pa anthu a mawu. Tebulo labwino limanena kuti zotsatira zidzaonetsedwa mudzi ndi mudzi, ndiponso posiyanitsa mitundu ya mabanjayo. Payeneranso kukhala lamulo loletsa kuwerenga munthu kawiri. Mayi amene ali mu komiti, anaphunzira za ukhondo, ndipo amatunga pamjigo watsopano ndi munthu mmodzi, ngakhale dzina lake lili pa mindandanda itatu.

Mzere wotsiriza wa tebulo ndi wa zinthu zimene bungwe likudalira koma silingazilamulire. Pakati pa ntchito ndi zotuluka, bungwe likudalira kuti pansi pali madzi abwino ndiponso kuti mitengo siikwera mopitirira. Chachiwirichi si nkhambakamwa: mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse tsiku limodzi, ndipo bajeti zolembedwa m'makwacha zinasiya kukwanira ntchito zimene zinalonjezedwa. Pakati pa zotuluka ndi chotsatira, bungwe likudalira kuti mabanja adzasonkha ndalama za mwezi ndi mwezi, kuti zipangizo za pampu ya Afridev, imene ndiyo yofala kumidzi ya ku Malawi, zidzapezeka m'sitolo yapafupi, ndi kuti madzi osefukira onga a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sadzakwirira mijigo.

Chodalira chilichonse chimayesedwa ndi mafunso awiri: kodi n'chofunika kuti pulojekiti itheke, nanga kodi n'chachidziwikire kuti chidzachitika? Chimene chidzachitika ndithu sichifunika kulembedwa. Chimene chili pakatikati chimalembedwa ndi kumayang'aniridwa. Koma chofunika kwambiri chimene n'chokayikitsa kwambiri sichiyenera kusiyidwa m'mzerewu ngati chodzikhululukira cha m'tsogolo. Ngati aliyense m'deralo akudziwa kuti zipangizo za mjigo zimagulidwa kutauni, ulendo wa tsiku lathunthu, kulemba kuti "zipangizo zidzapezeka" n'kudzinamiza. Nkhaniyo iyenera kuchoka m'mzere wa zodalira n'kulowa m'ntchito za pulojekiti, monga kugwirizana ndi mwini golosale wa pamsika kuti azisunga malabala ndi zina zothaitha, ndi kuphunzitsa makaniki wa m'dera. Chimodzimodzi ndi maenje ouma. Kontilakiti iyenera kunena amene adzalipire dzenje lopanda madzi, ndipo chotuluka chilembedwe kuti mijigo 6 yotulutsa madzi, osati maenje 6 okumbidwa.

Pulopozo ikavomerezedwa, tebuloli limakhala gawo la mgwirizano, ndipo malipoti onse amalembedwa molitsata. Zinthu zikasintha, monga kafukufuku woyamba akapeza kuti poyambira ndi 25 m'malo mwa 35, kapena mitengo ikakwera moti mijigo yotheka ndi 4 yokha, milingo ikhoza kusinthidwa. Njira yake ndi kulembera opereka thandizo nthawi yomweyo, kusonyeza kawerengedwe katsopano, ndi kudikira chilolezo cholembedwa. Chosaloledwa n'kusintha tanthauzo la chizindikiro mwakachetechete, monga kukweza mphindi 30 kufika pa ola lathunthu m'chaka chomaliza kuti nambala ikwane. Wodzaunika pomaliza amafananiza mafomu a chaka choyamba ndi a chaka chachitatu, ndipo funso limene lasintha mawu ndilo limayamba kuoneka. Pa chifukwa chimenechi chizindikiro chilichonse chimakhala ndi pepala lake lofotokoza tanthauzo, funso lenileni lofunsidwa, kawerengedwe ndi udindo wa wosonkhanitsa, ndipo pepalalo limasungidwa pamodzi ndi mgwirizano kuti wogwira ntchito watsopano, amene wabwera pakati pa pulojekiti, ayeze mofanana ndi amene anachoka.